Bondo la mwana likavulala pa mpira, kochi alembe chiyani?

Tinene kuti ndi Lachisanu masana, sukulu ziwiri zoyandikana zikuchita mpikisano pabwalo la fumbi. Mnyamata wa zaka 15 wa Fomu 2 akuthamangitsa mpira, waponda ndi mwendo wamanja kuti akhote, kenaka wagwa atagwira bondo. Palibe amene wamumenya. Anzake amunyamula n'kukamukhazika pansi pa mtengo, mpira n'kupitirira. Lolemba lake, lipoti limene mphunzitsi wa masewero wapereka kwa mphunzitsi wamkulu lili ndi mzere umodzi wokha: mwana wabinya bondo posewera mpira.

Mzere umenewu umandidandaulitsa, chifukwa kochi ndiye munthu wamkulu amene anaona ngoziyo ndi maso ake. Dokotala adzaona bondo lotupa kale, mwina patapita masiku atatu, ndipo mwana wamantha sakumbuka bwino momwe anagwera. Zimene kochi sanalembe tsiku lomwelo zimatayika.

Choyamba chofunika ndi kagwedwe. Ngati mnzake anamumenya bondo chakunja, bondolo n'kupindikira m'kati, kawirikawiri umavulala ndi mtsempha wa m'mbali mwa bondo chakum'kati, ndipo umenewu nthawi zambiri umachira popanda opaleshoni. Koma mnyamata wathuyu phazi linali litakhazikika pansi pamene thupi linapotoka. Kagwedwe kotere kamakonda kudula mtsempha wa pakati penipeni pa bondo, umene madokotala amautcha ACL, womwe umagwira fupa la msongolo kuti lisasuntheresunthere kutsogolo. Kochi amufunse mwanayo ngati anamva kuti "thu!" m'bondomo, ndipo alembe mawu ake momwe wawanenera.

Kenaka nthawi. Apa mpofunika kuyang'ana wotchi, osati kungoganizira. Bondo limene latupa ngati mpira pasanathe maola awiri limakhala kuti ladzaza magazi m'kati, ndipo zimenezi zimaloza kuduka kwa mtsempha kapena kuthyoka kwa fupa. Limene latupa pang'onopang'ono mpaka m'mawa mwake nthawi zambiri limakhala ndi vuto locheperapo, monga kung'ambika kwa kachichereŵechereŵe kokhala pakati pa mafupa awiriwo. Choncho kochi akalemba kuti mwana anagwa 3:20 masana ndipo pofika 4:30 bondo linali litatupa kale, wamupatsa dokotala chinthu chimene ekisire singamuuze, pakuti ekisire imaonetsa mafupa, mitsempha ayi.

Ekisireyo imafunikabe, makamaka kwa ana. Mafupa a mwana amene akukulabe ali ndi malo ofewa kumapeto, kumene fupa limatalikira, ndipo malo amenewa akhoza kuthyoka mtsempha usanaduke. Achipatala posankha woti amujambule amafuna kudziwa ngati wovulalayo anatha kuyenda mapazi anayi atangovulala, ngakhale motsimphina, ndiponso ngati bondo likupindika kufika momwe limakhalira munthu akakhala pampando. Zimenezi kochi angazione pabwalo pomwepo popanda kumukakamiza mwana. Ngati bondo laoneka lokhota, kapena phazi lazizira ndi kuchita dzanzi, zolembazo zidikire, mwana athamangire naye kuchipatala.

Lipoti linenenso zimene anthu anamuchita mwanayo, ndipo apa kochi asabise kanthu. Pamabwalo athu sipalephera munthu wothamangira kukakoka mwendo kuti "aubwezere", ndipo kunyumba agogo amayamba kuthowa ndi madzi otentha. Pa masiku awiri oyambirira, kutentha ndi kutikita kumangoonjezera kutupa, ndipo kukoka mwendo wothyoka n'koopsa. Chothandiza ndi kupumitsa mwendo, kuukweza, kumanga bandeji mosathinitsa ndi kuikapo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Ngati wina anakoka mwendowo, zilembedwe. Ngati mwana anabwereranso m'bwalo bondo n'kugwedezeka n'kugwanso, zilembedwenso, ngakhale zikumuchititsa manyazi kochiyo.

Chimene kochi asalembe ndi dzina la matenda. Mawu akuti "wangobinya" amachititsa makolo kuganiza kuti ndalama yokwerera basi yopita ku chipatala cha boma isungidwe. Mwana uja kutupa kukaphwa pakatha masabata angapo amabwerera ku mpira ndi mtsempha woduka, bondo limagwedezeka mobwerezabwereza, ndipo kachichereŵechereŵe kaja kamang'ambika.

Lipoti la mnyamata wa Fomu 2 uja likanakwana tsamba limodzi la kope: tsiku, nthawi, bondo lamanja, momwe bwalo linalili, kagwedwe, mawu a mwanayo, nthawi imene kutupa kunayamba, kuti sanathe kuponda, thandizo limene analandira ndi nthawi imene makolo anauzidwa. Pepala limodzi litsale kwa mphunzitsi wamkulu, lina alipinde m'buku la kuchipatala la mwanayo, kuti akakafika kwa dokotala wa mafupa likakhale loyamba kutsegulidwa.