Makina ozunguza amene amapatula za m'kati mwa selo

Selo ya chiwindi ndi yaing'ono moti maso sangaione, komabe m'kati mwake muli tizigawo tambirimbiri, kalikonse ndi ntchito yake. Muli nyukiliyasi yosunga malangizo a chibadwa, muli maitokondiriya opanga mphamvu, mulinso ena ang'onoang'ono kuposa amenewa. Kuti munthu adziwe ntchito ya kachigawo kamodzi, ayenera kukapatula kaye pa tinzake, ndipo palibe mpeni wochitira zimenezi. Albert Claude, wasayansi wa ku Belgium amene ankagwira ntchito ku Rockefeller Institute mumzinda wa New York, adasonyeza m'zaka za m'ma 1940 kuti makina ozunguza mwaliwiro, otchedwa sentirifyuji, angathe kugwira ntchitoyi.

Tiyeni titsate chiwindi cha khoswe, chimene akatswiri oyambawo ankagwiritsa ntchito kwambiri. Amachiduladula nkuchipera mosamala m'madzi ozizira osapitirira madigiri 4, osungunuliramo shuga wa sukulozi. Kuziziraku kumachedwetsa maenzaimu amene akanayamba kugaya zonse. Shuga naye amateteza tizigawo kuti tisamwe madzi nkuphulika. Cholinga nchakuti khungu la selo ling'ambike koma za m'kati zituluke zamphumphu.

Phala limenelo amalithira m'chubu nkulizunguza pang'ono, pa mphamvu yoposa kukoka kwa dziko ka 600 kapena ka 1,000, kwa mphindi 10. Pansi pamadikha manyukiliyasi ndi maselo amene sanasweke. Madzi apamwamba amawatsanulira m'chubu china nkuwazunguzanso pa mphamvu ya ka 10,000 kwa mphindi 20, ndipo maitokondiriya amadikha. Akafika pa mphamvu ya ka 100,000 kwa ola lathunthu, pamadikha tizidutswa ta nembanemba za m'kati mwa selo pamodzi ndi maraibosomu, opanga mapuloteni.

Nchifukwa chiyani zimadikha motsatizana chonchi? Mukavundula madzi amatope m'ndowa, mchenga umafika pansi nthawi yomweyo, koma dothi losalala limatha maola likuyandama. Kanthu kakamamira, madzi amakakaniza. Mphamvu yokakokera pansi imadalira thunthu lake lonse, pamene kukaniza kwa madzi kumangodalira kutambalala kwake. Choncho kanthu kakakula kawiri m'mimba mwake, kukokedwa kumakula kasanu ndi katatu, kukanizidwa kawiri kokha, ndipo liwiro limakula kanayi. Limeneli ndi lamulo la Stokes. Nyukiliyasi ikaposa maitokondiriya kakhumi m'mimba mwake, imamira mofulumira ka 100, ngakhale tisanawerengere kanthu kena.

Kanthu kenako ndi kulemera kwa kachigawo poyerekeza ndi madzi ochuluka mofanana nako. Chofunika ndi kusiyana kwa ziwirizi. Kusiyanako kukakula, kachigawo kamathamanga. Kukatheratu, kamaima pomwepo ngakhale makina atazungulira tsiku lonse. Mafuta, popeza ndi opepuka kuposa madziwo, amakwera pamwamba. Koma tizigawo tambiri ta selo sitisiyana kwenikweni pa kulemera kotereku, nchifukwa chake m'njirayi msinkhu ndiwo umalamula.

Apa mpamene pagona vuto limene ophunzira ambiri salilabadira. Poyamba zonse zimakhala zosakanikirana m'chubu monse. Pamene nyukiliyasi yochokera pamwamba ikufika pansi, maitokondiriya amakhala atayenda gawo limodzi mwa magawo 100 a ulendowo, choncho amene adali kale pafupi ndi pansi amadikha nawo. Ena amangokokedwa ndi zikuluzikulu zikamatsika. Zodikhazo sizikhala zoyera. Amazisungunulanso m'madzi atsopano nkuzizunguzanso, kenako amayeza maenzaimu odziwika kuti amapezeka m'kachigawo kamodzi kokha, kuti aone zomwe zalowerera.

Kuyeza kotereku ndiko kudathandiza Christian de Duve ku Louvain mu 1949. Enzaimu ina, asidi fosifatezi, inkaoneka yochepa kwambiri m'zinthu zongopatulidwa kumene. Zitakhala m'firiji masiku asanu, idaoneka yochuluka, makamaka m'gawo la maitokondiriya. De Duve sadaponye zotsatirazo kudzala. Adazindikira kuti enzaimuyo idali yotsekeredwa m'timatumba timene tidang'ambika pakupita kwa masiku. Posintha liwiro la makina pang'onopang'ono, gulu lake lidaona kuti timatumbato timadikha mochedwerapo kuposa maitokondiriya ambiri, ndipo mu 1955 adatitcha malaisosomu.

Njirayi payokha singalekanitse bwinobwino malaisosomu ndi maitokondiriya, chifukwa misinkhu yawo imayandikana. Pamafunika njira zina, monga chubu cha sukulozi wokhuthala kwambiri chakumunsi, mmene kachigawo kalikonse kamaima pamene kulemera kwake kwafanana ndi kwa madzi. Komabe ntchito yoyamba imagwiridwa ndi kuzunguza kwa magawomagawo kuja. Mu 1974, Claude, de Duve ndi George Palade adalandira limodzi mphoto ya Nobel chifukwa cha zimene adatulukira zokhudza kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka selo.