Kuphika Nyemba pa Sitovu ya Palafini

Tiyi amapsa pa sitovu ya palafini popanda vuto. Ngozi zambiri zimabwera ndi ndiwo zochedwa kupsa, monga nyemba, zimene zimakhala pamoto maola awiri kapena atatu.

Palafini wozizira sayaka msanga. Amayamba kutulutsa nthunzi yogwira moto akatentha kufika pafupifupi madigiri 40. Koma pa sitovu yazingwe yotchipa, thanki imakhala pansi penipeni pa lawi, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala. Nyemba zikamabwadamuka, kutentha kumatsikira pansi mpaka mafuta a m'thanki amapitirira mlingo umenewu. Apa sitovu ija yasintha. Mwana akaigunda n'kugwa, mafuta otentha amakhuthuka n'kuyaka nthawi yomweyo, kugwira mphasa, katani ndi chitenje cha wophikayo. Sitovu zotere zinawotcha zisakasa zambiri ku South Africa, ndipo mu 2007 boma kumeneko linaletsa kugulitsa zimene sizizima zokha zikagwa.

Tsono taganizirani mayi wa m'nyumba ya chipinda chimodzi, madzulo a mu Juni. Nyemba zatsala pang'ono kufewa, lawi layamba kuchepa, mafuta akutha. Iye akutsegula thanki kuti athire ena moto usanazime. Nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyi, chifukwa mafuta atsopano amakankhira kunja nthunzi yotentha ija, nthunziyo n'kukumana ndi lawi. Chofunika n'kuzimitsa, kuphula mphika, kudikira mpaka thanki itazizira moti n'kuigwira ndi dzanja, kenaka kuthirira panja ndi fanelo, osadzaza mpaka kukamwa. Nyemba sizingaonongeke podikira.

Mayi yemweyu watseka chitseko ndi zenera chifukwa cha chisanu, ndipo vuto lachiwiri lili pamenepa. Moto ukasowa mpweya wokwanira umatulutsa kaboni monokisaidi, mpweya wakupha umene suoneka komanso sununkha. Fungo la palafini limene timalidziwa si umenewu ayi, choncho mphuno singakuchenjezeni. Yang'anani lawi. Likakhala la buluu ndi lofanana kuzungulira mphika, mafuta akupsa bwino. Likakhala lachikasu, lotalika, n'kumadetsa mphika ndi mwaye, zingwe zakwera kwambiri, zapserera, kapena timabowo tolowera mpweya tatsekeka. Komabe ngakhale lawi labwino silipatsa chilolezo chotseka zenera. Mutu ukayamba kupweteka, chizungulire, nseru kapena tulo todzidzimukira, makamaka kwa anthu angapo nthawi imodzi, zimitsani, tulutsani aliyense panja, ndipo wofooka kapena wokomoka athamangire naye kuchipatala. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amangoti ndi malungo, n'kukagona m'chipinda chomwecho.

Moto ukabuka, dzanja limathamangira ndowa ya madzi. Musatero. Palafini amayandama pa madzi, ndiye madziwo amangonyamula moto kuufalitsa pansi ponse. Pafupi ndi pophikira pazikhala ndowa ya mchenga wouma wokwirira motowo. Ukafika ku katani kapena kudenga, siyani katundu, tulutsani ana.