Mzere umodzi wa zanyengo usanayatse injini

Tiyerekeze kuti ndi m'mawa wa mu Juni. Kabwalo koimikirapo ndege ku Lumbadzi kawala ndi dzuwa, ndipo mayi wina woyendetsa ndege yaing'ono ya mipando inayi akufuna kuchoka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Chileka. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Ndege yake amaiyendetsa poona ndi maso, kutsata mapiri, misewu ndi mitsinje, ndiye saloledwa kulowa mumtambo. Kumwamba kwa Lilongwe kuli mbee, koma iye sanakhudzebe kiyi. Maso ake ali pa mzere uwu, womwe tauyerekeza kuti tiphunzirirepo:

```
METAR FWCL 180500Z 14012KT 4000 -DZ BKN008 OVC020 14/13 Q1024
```

METAR ndi lipoti la zomwe azanyengo a pabwalo aona ndi kuyeza pa nthawi imodzi, ndipo limatuluka ola lililonse, malo ena theka la ola lililonse. FWCL ndi dzina la Chileka m'kaundula wa mabwalo a dziko lonse. La Kamuzu ndi FWKI. Pa 180500Z ndi pomwe ophunzira ambiri amayamba kupunthwa. Nambala 18 ndi tsiku la mwezi, ndipo 0500 ndi nthawi, koma osati ya pawotchi yathu. Chilembo Z chikutanthauza nthawi imodzi yomwe ndege zonse padziko zimayendera, ndipo Malawi ali patsogolo pake ndi maola awiri. Lipotili ndi la 7 koloko m'mawa. Amene waiwala maola awiriwo angayese kuti ndi la mbandakucha, n'kudzinamiza kuti pofika pano kwayera kale.

Mphepo ndi 14012KT. Ikuchokera pa madigiri 140, kum'mwera chakum'mawa, pa liwiro la manoti 12, omwe ndi makilomita pafupifupi 22 pa ola. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Limbe safunika kumuuza dzina lake. Ndi chiperoni, mphepo yachinyontho ya miyezi yozizira, yomwe inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Liwiro lotere si loopsa. Msewu waukulu woterapo ndege ku Chileka, wa nambala 10, unaloza chakum'mawa, ndiye mphepoyi ingamuombe chapatsogolo ndi chakumanja, ndipo gawo lokankhira ndege cham'mbali lingakhale manoti 8 kapena cha pamenepo. Woyendetsa wozolowera amatera bwinobwino.

Nkhani yagona pa zotsatirazo. Nambala 4000 ndi mamita omwe diso likufika, makilomita anayi basi, chifukwa cha mvula yowaza pang'ono, ija yalembedwa -DZ. Tsiku loyera pamalembedwa 9999, kutanthauza makilomita khumi kapena kuposa. Mitambo amaiyeza pogawa thambo m'zigawo zisanu ndi zitatu. FEW ndi chigawo chimodzi kapena ziwiri, SCT ndi zitatu kapena zinayi, BKN ndi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo OVC ndi thambo lonse lotsekeka. Awiri omalizawa ndiwo amawerengedwa ngati denga. Manambala atatu otsatirawo mumawawonjezera maziro awiri, choncho BKN008 ndi denga lomwe lili mafiti 800 pamwamba pa bwalo. Ndikunena mafiti a muyeso, osati anzathu aja a lichero omwe amati amauluka usiku osafunsa azanyengo.

Malamulo a dziko lonse amati woyenda poona ndi maso asatere pa bwalo lolamulidwa ndi nsanja ngati diso silikufika makilomita asanu, kapena ngati denga lili pansi pa mafiti 1,500, pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera. Chileka walephera zonse ziwiri. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, samu yaing'ono ikanamuletsa mayiyu. Mafiti 800 awerengedwa kuchokera pa bwalo, ndipo bwalolo lili mafiti pafupifupi 2,550 pamwamba pa nyanja yamchere. Kuphatikiza, mitambo yayambira pa mafiti 3,350. Phiri la Michiru, lomwe lili pafupi ndi Chileka, limapitirira mafiti 4,500. Theka lake lakumwamba labisala mumtambo, pomwepo pa khomo la bwalo.

Ine manambala omwe ndimati munthu aziyamba kuwayang'ana ndi 14/13. Yoyamba ndi kutentha kwa mpweya, madigiri 14. Yachiwiri ndi mlingo womwe mpweyawo, utazizira kufika pamenepo, sungathenso kusunga chinyontho chake, ndipo chimasanduka mame, chifunga kapena mtambo. Zikasiyana ndi digiri imodzi yokha, mpweya wakhuta madzi. Dzuwa likayamba kugwira ntchito, lipoti lotsatira lingaonetse 17/13, kenako 20/13, ndipo oyendetsa ndege amawerengera mwachidule kuti digiri iliyonse ya kusiyanako imakweza mitambo ndi mafiti pafupifupi 400. Koma pa chiperoni, mphepo imangobweretsabe chinyontho china, ndipo manambalawo akhoza kuumirirana tsiku lonse. N'chifukwa chake malipoti atatu otsatizana amanena zambiri kuposa limodzi.

Q1024 ndi kulemera kwa mpweya, nambala yomwe woyendetsa amaika pa chida chosonyeza kutalika kwa ndege. Akachoka ku Lumbadzi ataika 1027 n'kuiwala kusintha, chidacho chidzamuuza kuti ali pamwamba ndi mafiti pafupifupi 90 kuposa pomwe alidi.

Zonsezi ndi za 7 koloko, pomwe iye akafika cha m'ma 9 ngakhale atanyamuka pompano. Zam'tsogolo zili mu lipoti lina, lolosera, lotchedwa TAF:

```
TAF FWCL 180500Z 1806/1906 14012KT 4000 -DZ BKN008
BECMG 1808/1810 9999 NSW SCT025
TEMPO 1810/1813 BKN012
```

BECMG akutanthauza kusintha komwe kukabwera kukhalitsa. Pakati pa 10 koloko ndi 12 koloko ya kwathu, mvula ileka, diso lifika patali, ndipo mitambo ibalalika pa mafiti 2,500. Lipoti silinena mphindi yake yeniyeni, ndiye wochenjera amawerengera 12 koloko, osati 10. TEMPO ndi zobwera n'kupita, zosakwana ola nthawi iliyonse. Pano akuti kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko masana denga lizitsikanso mwa apo ndi apo kufika mafiti 1,200, pansi pa malire aja. Akhoza kufika n'kupeza chitseko chatsekedwa kwa kanthawi, choncho ayenera kunyamula mafuta okwanira kuzungulira podikira, ngakhale kubwerera ku Lumbadzi komwe.

Palinso chomwe mizere yonseyi siyikunena. Ikukamba za bwalo ndi malo oyandikana nalo basi. Njira yake ikudutsa kufupi ndi phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, ndi zitunda za ku Ntcheu, komwe mpweya wachinyontho umakwera phiri n'kupanga mitambo yake pomwe mabwalo onse awiri ali oyera. Za kumeneko amafunsa ku ofesi ya zanyengo ya pabwalo, amayang'ana zithunzi za setilaiti, kapena amamva kwa mnzake yemwe wangodutsako.

Mayiyu akuuza okwera ake kuti akamwe tiyi. Lipoti la 10 koloko lafika ndi 8000 BKN014 ndi 17/13. Zikuyenda, koma denga likuperewerabe mafiti 100. Akuitanitsa galimoto ya mafuta kuti idzaze matanki, ndipo akudikira la 11 koloko.