Chiwaya chimayamba usanagule mbatata

Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata atagula chiwaya chatsopano, mafuta ndi thumba la mbatata ya kachewere, kenako n'kuyamba kufunafuna pokhala. Wayambira kumchira. Geni ya chipisi imayamba ndi malo, ndipo malo sasankhidwa pongoona kuchuluka kwa anthu.

Khalani pamalo amene mwawasirirawo masiku atatu, kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndiponso madzulo anthu akamaweruka. Musawerenge odutsa, werengani oima. Munthu wothamangira minibasi sagula chipisi. Amagula ndi wakabaza amene akudikira makasitomala, makaniko wapagalaja, mayi wogulitsa kaunjika amene sangasiye benchi lake kupita kukaphika. Onaninso kumene mphepo imachokera, kuti fumbi la mumsewu lisamathere m'mafuta, ndipo talikirani ndi ngalande, dzala ndi chimbudzi. Funsani komwe muzitunga madzi. Mukakhutira, kaonaneni ndi akuluakulu a msika ndi akhonsolo kuti akupatseni malo ovomerezeka, muzidula chiphaso. Kuthawa ndi mafuta owira pamene akuthamangitsa mavenda si chinthu choti munthu achiyese.

Zipangizo n'zochepa. Chiwaya chikhale cha chitsulo chokhuthala, chozama pakati pokhala mafuta ndi chotakata m'mbali posungira chipisi chokazinga kale. Chopyapyala chimapsereza ndipo sichichedwa kupindika. Ng'anjo mukhoza kumanga ndi njerwa ndi dothi, n'kusiya khomo limodzi la nkhuni. Onjezerani chipande chachitsulo chobooka, mipeni iwiri, thabwa lodulira, mbale, mafoloko, kansefa, ndi ndowa zitatu: ya mbatata, yotsukira mbale ndi ina ya mpopi yosambira m'manja.

Mbatata ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, monga ya ku Tsangano, imafika m'misika yambiri. Sankhani ikuluikulu, yolimba, yosaphuka. Yobiriwira khungu isiyeni, imawawa ndipo imatha kudwalitsa m'mimba. Mbatata ing'onoing'ono imaoneka yotchipa, koma yambiri imathera m'makoko.

M'mawa sendani, dulani mofanana ngati chala, ndipo muike m'madzi oyera kuti isade. Musanaiponye m'chiwaya, itsanuleni m'dengu madzi athe, chifukwa madzi amathethetsa mafuta, kukuotchani manja ndi kuwononga mafutawo msanga. Yesani moto ndi kachidutswa kamodzi. Kakamira phee, mafuta sanatenthe, ndipo chipisi chingomwa mafuta n'kukhala lende. Kakayamba kuthetheka nthawi yomweyo, ponyani. Mafuta akamafuka utsi, phulaniko nkhuni.

Apa ndi pamene pagona phindu. Kazingani kawiri. Koyamba mbatata ingofewa osafiira, muikankhire m'mbali mwa chiwaya. Kasitomala akafika, bwezerani m'mafuta mlingo wake wokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Amadya chamoto, chokhukhuma, ndipo inu simutsala ndi mulu wa chipisi chozizira. Musadzaze chiwaya, mbatata ikachuluka mafuta amazizira.

Tiyerekeze kuti tsiku loyamba mwasenda ndowa imodzi ndipo mwatulutsamo mbale 30, koma zagulidwa 22. Mbale 8 zotsalazo zadya mafuta ndi nkhuni, ndipo mwina phindu lanu lonse linali mmenemo. Mawa sendani theka la ndowa m'mawa, yotsalayo muisende masana mukaona mmene msika ukuyendera. Lembani m'kope mbale zogulitsidwa, mafuta amene mwathira ndi nkhuni, ndipo ndalama ya mpamba muziipatula musanadyepo kanthu.

Madzulo sefani mafuta akazirala, muwasunge m'chigubu chotseka. Akada, akamachita thovu, akamanata kapena kufuka pa moto wochepa, atha ntchito. Ambiri amangothiramo atsopano pamwamba, koma akalewo amawononga atsopanowo, ndipo kasitomala amamva kuwawa pakhosi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si chipisi, chifukwa chimadutsa pamoto. Ndi saladi. Kabichi, tomato ndi anyezi zimadyedwa zosaphika, ndiye madzi otsukira akakhala oipa, matenda amapita m'mbale mwachindunji. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Tsukani masamba ndi madzi othira klorini kapena owiritsa, dulani pang'onopang'ono, ndipo muvundikire kuopa ntchentche. Saladi wogona mtayeni. Ngati mumakazinganso nkhuku kapena zam'kati za mbuzi, mpeni wa nyama yaiwisi usakhudze kabichi.

Ndalama zimadutsa m'manja ambiri, choncho dzanja lolandira ndalama lisagwire chakudya; gawani ndi chipande. Sopo akhale pandowa ya mpopi, poonekera, ndipo madzi otsukira mbale muziwasintha akangoyamba kuyandama mafuta. Tsiku limene mwatsegula m'mimba musayatse moto, pemphani wina akugwirireni kapena mutseke.