Eko ikasowa pogwera: ntchito ya maziro m'masamu a mawu

Mukawomba m'manja kamodzi m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu, phokoso silithera pomwepo. Limagunda khoma, kubwerera, kugundanso denga, mpaka kuzilala pang'onopang'ono. Anthu a m'masitudiyo amatha kujambula eko imeneyi n'kuiveka pa mawu a woimba amene sanapondemo n'komwe m'tchalitchimo. Masamu amene amagwira ntchitoyi amatchedwa konvolushoni, ndipo ilipo ya mitundu iwiri: yoongoka ndi yozungulira. Chimene khutu limamva m'tchalitchi ndi yoongoka. Koma njira yachangu imene makompyuta amadalira imapereka yozungulira, ndipo munthu akapanda kusamala, eko ya mawu omaliza imakamveka koyambirira kwa nyimbo, woimba asanatsegule n'komwe pakamwa.

Kompyuta imasunga mawu ngati mndandanda wa manambala. Pa CD, sekondi iliyonse ili ndi manambala 44,100 ku khutu lililonse. Ife titenge anayi okha: 2, 4, 10, 6. Chipinda chathu chikhalenso chosavuta: nambala iliyonse imamveka yonse pa nthawi yake, kenako theka lake limabwerera pa malo otsatira. Khalidwe la chipindali tingalilembe ndi manambala awiri, 1 ndi 0.5.

Tsopano tiwerenge zimene khutu lingamve. Pa malo oyamba pali 2 yekha, chifukwa palibe chinamveka kale. Pa malo achiwiri pali 4, kuphatikiza theka la 2, zonse 5. Pachitatu pali 10 ndi theka la 4, zonse 12. Pachinayi pali 6 ndi theka la 10, zonse 11. Mawu atha, koma chipinda sichinakhale chete: theka la 6 lidakali m'njira, ndipo limafika pa malo achisanu lili 3. Yankho ndi 2, 5, 12, 11, 3. Imeneyi ndiyo konvolushoni yoongoka. Talowetsa manambala anayi, atuluka asanu. Zimatero nthawi zonse: mawu akakhala ndi manambala L, chipinda chikakhala ndi M, yankho limatalika L + M − 1. Nambala yachisanuyo ndi mchira, ndipo vuto lonse lagona pa mchira umenewu.

Bwanji osangowerengera chonchi basi? Chifukwa chipinda chenicheni sichili ndi manambala awiri. Eko ya masekondi awiri ndi manambala 88,200, ndipo iliyonse mwa manambala 44,100 a sekondi imodzi ya nyimbo iyenera kuchulukitsidwa ndi onsewo. Ndiye kuchulukitsa ka 3.9 biliyoni pa sekondi imodzi yokha, ku khutu limodzi.

Njira yachidule imadutsa pa DFT, masamu otchedwa ndi dzina la Joseph Fourier wa ku France. DFT imatenga mndandanda wa manambala n'kuuphwanya kukhala mafunde, ena oyenda pang'onopang'ono, ena ofulumira, n'kunena kuti funde lililonse lilimo lochuluka bwanji. Ubwino wake ndi wakuti chipinda sichisakaniza mafunde: funde lililonse chimangolikuza kapena kulichepetsa, ndi kulichedwetsa. Choncho mumatenga DFT ya mawu, DFT ya chipinda, kuchulukitsa funde ndi funde linzake, kenako kubwezera zotsatirazo ku manambala a mawu. M'chaka cha 1965 James Cooley ndi John Tukey anafalitsa njira yowerengera DFT mofulumira kwambiri, yotchedwa FFT, ndipo mu 1966 Thomas Stockham anaonetsa mmene ingagwiritsidwire ntchito pa konvolushoni. Ntchito ya mabiliyoni inatsika kufika pa mamiliyoni.

Koma yesani njirayi pa manambala athu anayi aja. Yankho lotuluka ndi 5, 5, 12, 11. Atatu omaliza ndi olondola. Loyamba linayenera kukhala 2, koma lakhala 5, ndipo 3 wa kumchira sakuoneka. Sanatayike. Wazungulira n'kukaphatikizana ndi 2 wa koyambirira. Imeneyi ndiyo konvolushoni yozungulira.

Ambiri akafika apa amati kompyuta yalakwitsa, koma ine ndimakana. DFT yayankha molondola, kungoti funso limene yayankha si limene tinafuna kufunsa. DFT ya manambala anayi imadziwa malo anayi okha, ndipo imawaona ngati manambala a pa wotchi: mukadutsa 12 simufika pa 13, mumabwerera pa 1. Kwa iyo malo achisanu ndi malo oyamba omwe aja.

Zimenezi tingazione ndi maso pa mafunde awiri mwa anayiwo. Funde loyamba ndi losagwedezeka: limangophatikiza manambala onse. Mawu athu amapereka 22, chipinda chimapereka 1.5, ndipo kuchulukitsa kumapereka 33. Phatikizani 2, 5, 12, 11, 3: ndi 33. Phatikizani 5, 5, 12, 11: ndi 33 yemweyo. Funde lina ndi lofulumira kuposa onse: limaphatikiza, kuchotsa, kuphatikiza, kuchotsa. Pa mawu athu, 2 − 4 + 10 − 6 ndi 2. Pa chipinda, 1 − 0.5 ndi 0.5, kuchulukitsa kumapereka 1. Pa yankho loongoka, 2 − 5 + 12 − 11 + 3 ndi 1. Pa lozungulira, 5 − 5 + 12 − 11 ndi 1. Onani kuti pa malo achisanu fundeli labwerera pa kuphatikiza, monga linalili pa malo oyamba. Mafunde awiri otsalawo amachitanso chimodzimodzi, chifukwa funde lililonse la DFT limamaliza kuzungulira kwake ndendende pamene mndandanda wathera. Palibe funde ngakhale limodzi limene lingasiyanitse 3 wokhala pa malo achisanu ndi 3 wokhala pa malo oyamba. Ndiye pobwezera, DFT imamuika pa malo okhawo amene ikuwadziwa.

Mankhwala ake ndi osavuta. Musanatenge DFT, onjezerani maziro kumapeto kwa mindandanda yonse iwiri mpaka iliyonse italike L + M − 1 kapena kuposerapo. Mawu akhale 2, 4, 10, 6, 0. Chipinda chikhale 1, 0.5, 0, 0, 0. DFT ya malo asanu idakazungulirabe, khalidwe lake silinasinthe. Koma tsopano theka la 6 lapeza malo achisanu opanda kanthu n'kugwera pomwepo. Chimene chikuzungulira kupita koyambirira ndi theka la nambala yomaliza, ndipo nambalayo ndi ziro. Theka la ziro ndi ziro, choncho 2 watsala 2.

Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi Python ndi NumPy angadzionere yekha:

```python
import numpy as np
x = [2, 4, 10, 6]
h = [1, 0.5]
for N in (4, 5, 8):
    y = np.fft.ifft(np.fft.fft(x, N) * np.fft.fft(h, N))
    print(np.round(y.real, 6))
```

Nambala `N` ndiyo imauza `np.fft.fft` kuti ionjezere maziro mpaka pati. Pa 4 mupeza 5, 5, 12, 11. Pa 5 mupeza 2, 5, 12, 11, 3. Pa 8 mupeza asanu omwewo ndi maziro atatu kumapeto, amene mungangowadula. Maziro ochuluka sawononga yankho, amangodya nthawi. Sawonjezeranso chilichonse pa mawuwo. Ntchito yawo ndi kusunga malo basi.

Pamene anthu amagwera kawirikawiri ndi posankha kutalika. FFT imathamanga bwino pa manambala monga 512, 1,024 ndi 2,048, ndiye munthu amene ali ndi mawu a manambala 1,000 ndi chipinda cha 200 amakopeka ndi 1,024, poona kuti mindandanda yonse iwiri ikukwanamo. Ikukwanadi, koma yankho lake silikwana. Limafuna malo 1,199. Otsalira 175 amazungulira n'kuipitsa manambala 175 oyambirira, pomwe ena onse amakhala olondola. Kompyuta sidandaula, ndipo monga taonera, kuphatikiza manambala onse sikuulula kanthu chifukwa chiwerengerocho chimafanana. Chizindikiro chake ndi malo amene vuto lakhala: koyambirira kokha. Pa mawu, mumamva kachidutswa ka mathero kakumveka pachiyambi. Pa chithunzi chimene mwachisalaza ndi njira yomweyi, kuwala kwa m'mphepete mwa kumanja kumatulukira kumanzere, ndipo thambo la pamwamba limadontha pansi. Kuyesa kwabwino ndi kulowetsa mndandanda wa maziro okhaokha wokhala ndi 1 pa malo omaliza. Ngati china chake chaoneka koyambirira kwa yankho, maziro achepa. Kuyerekeza ndi `np.convolve(x, h)` pa kachidutswa kakang'ono kumathandizanso.

Nyimbo yaitali, kapena mawu amene akubwerabe pa wailesi, saidikira kuti ithe. Imadulidwa m'zidutswa, chidutswa chilichonse chimapatsidwa maziro ake, ndipo mchira wa chidutswa chimodzi, wotalika M − 1, umaphatikizidwa ku chiyambi cha chotsatira, kumene ndi kwawo kwenikweni. Ena amachita mwa njira ina: salabadira maziro pa mawu, amalola kuzungulira kuchitike, kenako amataya manambala M − 1 oyambirira popeza akudziwa kuti oipa ndi okhawo. Kuti pasatsale mpata, chidutswa chilichonse chimayambira m'mbuyo pang'ono, kubwereza manambala M − 1 omaliza a chinzake.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi chakuti pena kuzungulirako ndiko kumafunidwa. Uthenga wa 4G ukamachoka pa nsanja kupita pa foni, umagunda nyumba ndi mapiri n'kufika kangapo, monga phokoso la m'tchalitchi lija. Mpweya umachita konvolushoni yoongoka, koma foni ikufuna yozungulira, chifukwa ndiyo imene ingaimasule mosavuta ndi FFT, pogawa funde ndi funde. Ndiye nsanja imakopera mathero a kachidutswa kalikonse n'kuwaika kutsogolo kwake isanatumize. Foni imataya mbali yokoperayo, limodzi ndi eko ya kachidutswa kam'mbuyo imene inagweramo, ndipo chotsalacho chimaoneka ngati chazungulira. Mwa nthawi zonse kachidutswa kamatenga pafupifupi mamaikulosekondi 66.7, ndipo mbali yokopera imatenga pafupifupi 4.7. Pa nthawi yochepayo mafunde a wailesi amayenda pafupifupi makilomita 1.4. Eko yodzera njira yokhota imene yaposa yolunjika ndi mtunda woposa pamenepo imafika mochedwa, imalowerera kachidutswa kotsatira, ndipo foni imayamba kuwerenga manambala olakwika.