Mnyanga Umodzi m'Chigwa cha Bwanje

Dzina la Sharpevale lisanamveke, njanji ya ku Salima isanadule chigwa cha Bwanje, dziko ili la pakati pa mapiri a Kirk ndi nyanja linali njira ya amalonda ochokera kwa Mponda, kumene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, pokwera kumtunda kwa Angoni a Chikuse. Mafumu, njira ndi malonda otchulidwa muno ndi a m'mbiri yeniyeni. Koma nyakwawa, mlongo wake ndi mtsogoleri wa ulendo amene tiwamve akulankhula ndi anthu ongowaganizira, oimirira unyinji umene maina ake sanalembedwe.

Kunali m'chilimwe, m'zaka za m'ma 1880, udzu utapsa ndi mitsinje itaphwa, pamene ulendo wa Ayao unatsika phiri dzuwa litapendeka, numanga misasa pafupi ndi mudzi wina wa m'mbali mwa Bwanje. Patsogolo panali amfuti za gogodela, pambuyo pawo amuna amphamvu osenza minyanga ya njovu pamapewa, pakuti m'chigwa cha kashembe ng'ombe kapena bulu sakhalitsa, ndipo katundu yense ayenda pa thupi la munthu. Kumapeto kwenikweni kunali akazi ndi ana osenza ufa ndi miphika, pamodzi ndi amuna omangidwa m'magoli, amene anagulidwa kumtunda ndi nsalu ndi onga.

Amayi a m'mudzi anatuluka ndi malichero a ufa wa mapira ndi nkhuku kukasinthanitsa ndi mikanda, monga ankachitira ulendo uliwonse ukafika. Koma mmodzi wa iwo, mlongo wake wa nyakwawa, atayang'ana pamzere wa omangidwa anataya lichero pansi, chifukwa anaona mwana wake wamwamuna, amene nkhondo ya Angoni inamugwira kumunda mvula ziwiri zapitazo, ndipo maliro ake anali atalira kale.

Tsono nyakwawa inali ndi mnyanga umodzi wokwiriridwa pansi pa nkhokwe. Unali mnyanga wapansi, umene mwa lamulo la makolo mlenje apereka kwa mwini dziko njovu ikagwa. Ndipo nyakwawayo inausunga ndi cholinga chimodzi, chogula mfuti ndi onga, kuti tsiku limene zishango zidzaonekenso pamtunda mudzi usadzangothawira m'bango.

Usiku umenewo mlongo wake analowa m'nyumba, nagwada pakhomo, nati, “Alongo anga, mwini mbumba ndinu. Mwana uja si wa bambo wake, ndi wanu. Ndiye wodzalowa dzina lanu mukadzagona. Kodi mudzamuona akuwoloka Shire inu muli chikhalire?”

Nyakwawa inakhala chete nthawi yaitali, kenaka inati, “Mayi, ndikapereka mnyangawu ndaombola mmodzi; ndikagula mfuti kapena ndidzapulumutsa makumi. Ana a anzathu ali m'mudzi muno ndidzawayankha chiyani?”

“Mfutiyo idzalira kamodzi,” anatero mayiyo, “ndipo mukali kuthira onga wina, mikondo idzakhala itafika. Chibale ndi fupa, sichiola.”

Kutacha nyakwawa inatuma anyamata kukafukula mnyangawo, ndipo anauika pamphasa pabwalo. Mtsogoleri wa ulendo, munthu wovala mkanjo woyera amene anali atafikako ku Mbwani ndi kuiona nyanja yamchere, anaunyamula kuti amve kulemera kwake, naugogoda ndi chala, nalowetsa kamtengo kumphako kuti adziwe pamene ubowo uthera, popeza mnyanga wa mphako yaitali uoneka waukulu koma mnofu wake ndi wochepa. Anayang'ananso ming'alu, chifukwa mnyanga wosungidwa pouma kwambiri ung'ambika, ndipo mtengo wake ugwa. Ataona kuti ndi wabwino, analamula kuti amasule mtolo, nayala merikani woyera wochokera ku Amereka, kaniki wakuda wa ku Indiya, mikanda ndi waya wamkuwa, naikapo mfuti pamwamba pake.

“Mfumu,” iye anati, “yesani nokha ndi mkono wanu, mungadzati mlendo anandiyesera ndi mkono waufupi.”

Koma nyakwawa sinakhudze nsalu. Inaloza mnyamata wa m'goli uja, niti, “Mtengo wa mnyanga wanga ndi uyo.”

Apa mtsogoleriyo anawerengera mumtima, ndipo kuwerengera kwake ndiko kunali mtima wa malonda onsewa. Nsalu anali nazo sizinali zake. Anazitenga pangongole kwa amalonda a kugombe, amenenso anakongola kwa Amwenye a ku Zanzibar, ndipo ngongoleyo inkabwezedwa ndi minyanga yoyesedwa pa fulasila, muyeso wa makilogalamu pafupifupi 16. Mnyanga sudya, sudwala nthomba, suthawa usiku. Pamene kapolo ayenera kudyetsedwa miyezi yonse ya ulendo wodutsa kwa Mataka, kutsata Lujenda ndi kuwoloka Rovuma kufikira ku Kilwa, ndipo ambiri ankafera m'njira. Kuwonjezera apo, chiyambire 1873 pamene Sultani Barghash anatseka msika wa akapolo ku Zanzibar, ndi 1876 pamene analetsa maulendo obweretsa akapolo kugombe, munthu ankagulitsidwa mobisa, koma mnyanga unkalowa padoko masana. Kusinthaku kunali komupindulira kwambiri, ndipo chifukwa cha chimenecho anayamba wakana, kuti angaoneke wofulumira.

“Mnyamatayu ndinamugula ndi onga wambiri kumtunda,” anatero. “Muonjezepo mbuzi ziwiri za kamba wa anthu anga.”

Anakangana kufikira dzuwa litakwera, namvana pa mbuzi imodzi ndi madengu a ufa. Pomwepo anadula chingwe, nachotsa kachitsulo kotsekera goli kukhosi, ndipo mnyamatayo, amene khosi lake linali zilonda zokhazokha, anagwa pamapazi a atsibweni ake osatha kutulutsa mawu. Nthungululu zinamveka m'mudzi. Koma sizinakhalitse, pakuti pamzere pomwepo panali mtsikana wa mphini za Achewa amene anaitana amayiwo ndi chinenero chawo chomwe, nawatchulira mudzi wa kwawo kuseri kwa phiri, ndipo panalibe mnyanga wachiwiri. Goli lija a paulendowo analinyamula, chifukwa ankadziwa kuti kutsogolo lidzapeza khosi lina. Ng'oma inalira, ulendo unanyamuka kulowera kwa Mponda, ndipo mudzi unatsala ndi mwana wake koma wopanda mfuti.

Maulendo otere anapitirira kufikira boma la Angerezi, pansi pa Harry Johnston, linamenyana ndi Mponda m'chaka cha 1891 ndi kumanga linga la Fort Johnston, pafupi ndi pamene lero pali Mangochi. Nkhondo ndi mafumu ena a malondawa zinatha cha m'ma 1895, ndipo Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Alfred Sharpe, amene malo a Sharpevale atchedwa ndi dzina lake, nayenso anafika m'dziko lino mu 1887 ali mlenje wa njovu ndi wamalonda a minyanga, asanakhale wolamulira dziko. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo katundu wolemera anayamba kuyenda pa chitsulo.

Maina a mafumu ndi a Azungu ali m'mabuku, koma a osenza ndi a omangidwa atsalira m'kamwa mwa okalamba okha. Inu a ku Sharpevale ndi a m'chigwa chonse cha Bwanje amene mukali ndi agogo, afunseni kumene makolo awo anachokera, ndani anagwidwa ndi ndani anaomboledwa, ndipo mulembe zimene akuuzeni iwo akali moyo.