Mjigo ukupopeka koma madzi sakutuluka: tiyeni tiwerengere

Kwa Kasakula ku Ntchisi, monganso m'midzi yambiri muno m'Malawi, mijigo yochuluka ndi ya mtundu wa Afridev. Mjigo ukayamba kutulutsa madzi pang'ono, anthu amafulumira kunena kuti waphwa. Ine ndimati dikirani kaye, tengani ndowa ya malita 20 ndipo tiwerengere.

Choyamba tidziwe zili pansipo. Kumapeto kwa mapaipi kuli silinda, ndipo mkati mwake mumayenda pulanja yokhala ndi kalabala kogwira khoma kuti madzi asadutse m'mbali. Pansi pake pali valavu yolola madzi kulowa koma osabwerera. Pulanja ikakwera imanyamula madzi ali pamwamba pake, ena n'kulowa kudzera pa valavu ija.

Silindayi ndi ya masentimita 5 m'mimba mwake, ndipo pulanja imayenda masentimita 22.5. Mukukumbukira V = πr²h? Ndiye kuti 3.14 × 2.5 × 2.5 × 22.5 ikutipatsa pafupifupi 440 cm³, omwe ndi malita 0.44. Mukapopa ka 40 pa mphindi imodzi, mpini ukufika pamwamba ndi pansi, masamu akuti mupeza malita 17.6. Mjigo wabwinobwino umapereka pafupifupi 16.

Nanga mukapeza malita 7 okha, mpini n'kumapepuka? Apo kalabala kaja kaperepeseka, makamaka ngati m'madzimo muli mchenga. Pulanja ikukwera inde, koma madzi akuzembera m'mbali kubwerera pansi.

Vuto lachiwiri limaoneka m'mamawa. Woyamba kufika amapopa mpaka thukuta, kenaka madzi n'kuyamba kutuluka bwinobwino. Chachitika n'chakuti valavu ya pansi ikudontha, kapena paipi yang'ambika, ndiye usiku wonse madzi atsika. Mita imodzi ya paipi imasunga pafupifupi malita 2. Ngati madzi a m'chitsime ali pa mamita 20 kuchokera pamwamba, muyenera kudzadza malita 40, kupopa ka 90 dontho loyamba lisanagwe! Kuti mutsimikize, siyani mjigo kwa theka la ola. Mukapopa kopitirira ka 5 madzi asanatuluke, penapake pakudontha.

Lachitatu ndiye kuphwa kwenikweni, ndipo limakonda mu Okutobala ndi Novembala. Mjigo umayamba bwino, kenaka madzi amachepa n'kumatuluka modukizadukiza ndi mpweya, koma ukapuma amabwerera. Pansi pa mapiri a Ntchisi ndi Dowa pali miyala yolimba, ndipo madzi amakhala m'ming'alu ndi m'miyala yofumbutuka. Amalowa m'chitsime pang'onopang'ono, ndiye mukamapopa mofulumira kuposa mmene akulowera, amatsika mpaka silinda n'kukhala pouma. Apa kusintha malabala n'kungotaya ndalama za komiti ya mjigo. Chothandiza ndi kutunga mopumira, kapena mmisiri aonjezere mapaipi ngati chitsimecho chili ndi malo pansi.

Musamasule mjigo nokha, chifukwa chitsulo chikagwera pansi n'chovuta kuchivuula. Ntchito yanu ndi kulemba manambala awiri: malita a kupopa ka 40, ndi kangati mwapopa madzi asanatuluke. Mukawapereka kwa mmisiri wa mijigo, adziwa poyambira asanagwire sipanala.